Sabata Yofuna Kuseketsa Anti Beti

Lolemba

Anti Beti afika lelo ndi basi ya ku Lusaka. Zikwama zitatu, wigi yofiila, pafyumu womveka mpaka kukhola la mbuzi. Ndi ang'ono awo a amai, koma safuna kuti tiziwaitana amai aang'ono. Akuti zimawakalambitsa.

Abwelela Malita, mwana wa amalume a ku Nyimba. Loweluka ndi kicheni pate yake, tsiku limene azimai amapatsa mkwatibwi ziwiya ndi malangizo.

Koma nkhani yaikulu si imeneyo. Anti amagulitsa salaula, zovala zovalidwapo kale, pamsika ku Lusaka. Mtsikana amene amawathandiza wakwatiwa, ndiye afuna wina. Lamulungu pobwelela atenga mmodzi: ine kapena Tisa, mwana wa amai aakulu.

Lusaka! Ine amene sindinapitililepo Nyimba!

Anti akuti, "Pa salaula munthu wa zii sagulitsa. Kasitomala ayambe waseka, ndiye agwila m'thumba. Nizaona sabata ino."

Tisa waseka pomwepo ngakhale palibe choseketsa. Ine ndikuyang'ana zala zanga zakumapazi. Zilipo khumi, monga mwa masiku onse.

Masana atate alowa pabwalo akukankha njinga yawo. Ilibe cheni, chishalo n'chomanga ndi lekeni. Anti aimilila, apinda manja pamimba, nkhope yachisoni.

"Alamu, njinga iyi inatitumikila mokhulupilika. May its soul rest in peace. Malilo ni mailo, aliyense abwele na nkhuni."

Pabwalo ponse gwaa kuseka. Atate mpaka kusiya njinga igwe. Amai, amene Chizungu sachimva, akupukuta misozi ndi chitenge.

Ndiye kuti ku tauni amaseketsa chonchi. Chinyanja, kenako Chizungu pang'ono, kenako Chinyanja. Kusoka nsalu ziwili basi. Kusoka ndimatha.

Cholinga changa: kuseketsa Anti Beti kamodzi kokha Lamulungu lisanafike. Kuseka kwenikweni, koonetsa dzino lawo lagolide.

Chizungu chimene ndili nacho:
cha giledi seveni, chinatsala pang'ono pansi ngati mafuta m'botolo
cha mufoni
cha ku kiliniki
cha pa thumba la feteleza

Chikwana. Chiyenela kukwana.

Lachiwili

Lelo ndi tsiku lophunzila. Ndikutsatila Anti paliponse ndi beseni m'manja kuti aziganiza kuti ndili pa nchito.

Kuchitsime chakudimba madzi aphwa. Tisa aponya chidebe, chibwela ndi matope. Anti asuzumila m'chitsime, atchela khutu ngati akumva foni, atsina mphuno pang'ono, ndiye ndi mau a mai uja amayankha foni ikakana:

"Chitsime chayankha. Chikuti, the water you are calling is not available. Please try again mvula ikagwa."

Azimai atatu otunga madzi akhala pansi. Mmodzi akumenya chigubu.

Ndathamangila kunyumba kudzalemba ndisanaiwale. Malamulo ake, mmene ndaonela ine:

1. Nkhani imayenda m'Chinyanja. Chizungu chimabwela mochedwa, ndipo n'chachifupi.
2. Chizungucho chikhale chachikulu, cha mu ofesi, cha pa wailesi, cha pa malilo a munthu wolemela. Koma chinthu chokambidwacho chikhale chaching'ono: njinga, chidebe. Zili ngati kuveka mbuzi jekete.
3. Pofika pa Chizungu mau amasintha. Amatulukila m'mphuno.
4. Nthawi zina pamapeto amabweza kamchila ka Chinyanja. Anthu amayamba kuseka pa Chizungu, kamchila n'kuwagwetsa.
5. Wokamba saseka. Nkhope gwa!

Lamulo lachisanu ndilibe nalo vuto. Nkhope yanga inauma kale ndili mwana.

Palinso china. Anti amatenga liu la Chizungu n'kuliveka zovala zathu. Za mwamuna wina amene amawavutitsa pa foni akuti "ninamubloka." Za mnzawo amene anaona mtengo wa nsapato akuti "anafeinta." Sapepesa, saima. Liu limalowa ngati ndi la pakhomo pano.

Tisa wayamba kale kutengela. Kuyambila m'mawa chilichonse akuti "actually." Actually mbuzi zalowa m'dimba. Actually mchele watha. Anti sanaseke. Zandisangalatsa, Mulungu andikhululukile.

Madzulo ndapanga yanga! Tambala wathu wakalamba, masiku ano amalila dzuwa litakwela kale, ana atapita kusukulu. Ndiye ndidzati:

"Tambala wathu salila m'mawa. Ndamufunsa chifukwa chake. Akuti, madam, I am on leave."

Ndainena kanayi kuseli kwa nkhokwe. Kachitatu ndaseka ndekha. Chinthu chaching'ono chilipo, Chizungu cha mu ofesi chilipo, n'chachifupi. Tambala weniweniyo amandiyang'ana ndi diso limodzi.

Mailo ndiyamba ndaiyesa pa amai.

Lachitatu

Tsoka.

M'mawa tili kudimba, tikuthilila lepu. Ndatsokomola kawili. Amai akuti, "Chifuwa?" Ndati ayi. Ndiye ndainena yonse, mau a m'mphuno ndi nkhope youma.

Amai aimika keni.

"Wamufunsa ndani?"

Tambala.

"Wafunsa tambala?"

Ndati ndi nthabwala chabe. Akuti chabwino, nanga tambalayo wati chiyani? Ndabweleza. Akuti onilivu ndiye chiyani? Ndafotokoza kuti anthu a mu ofesi amapatsidwa masiku opuma, sapita ku nchito koma nchito ikadali yawo. Akuti, "Opuma chifukwa chodwala?" Ndati nthawi zina.

Kenako amai akuti, "N'zoona, nanenso namuona. Aima-ima chabe. Tisadikile kuti ayambe kuwodzela."

Masana tambala wadyedwa.

Akuti mlendo anafunika nkhuku kale. Ndine amene ndamusosola nthenga. Nthabwala yanga yoyamba, m'madzi otentha.

Zimene ndaphunzila:
Chizungu chake chikhale choti womvayo anachimvapo. Za njinga amai anaseka chifukwa mau aja amawamva kumanda. Mai wa mufoni aliyense amamudziwa. Koma ofesi amai sanalowemo.
Ukayamba kufotokoza, yafa.
Usapange nthabwala pa chinthu chodyedwa.

Choipitsitsa chachitika pa mphasa. Tikudya, amai akuuza Anti kuti tambalayu anali atasiya kulila m'mawa, "uyu ndiye waona." Sananene za onilivu, anaiwala liu lake. Ine liu lili pakamwa. Ndikungofunika kulitulutsa. Ndikuti ndimeze kaye. Ndikuti Anti amalize kaye fupa.

Tisa anyamula mwendo wa tambala m'mwamba, akuti, "Actually wapatsidwa early retirement."

Anti aseka. Dzino lagolide poyela! "Iwe Tisa, ndiwe chitsilu!"

Ku Lusaka chitsilu ndi chiyamiko, ndaona.

Sanabe yanga, sanaimve n'komwe. Yangomubwelela pomwepo, mwendo uli m'manja. Ine yanga ndinaikonza madzulo onse.

Ndapatsidwa khosi.

Lachinayi

Tsiku la msika. Ndapita ku boma la Petauke ndi dengu la matimati. Anti ndi Tisa atsala, akuluka tsitsi. Tisa akuluka, Anti akukamba, ine kulibe. Sindikufuna kuziganiza.

M'njila ndaganiza kuti pamsika ndiye pabwino poyesela. Salaula ndi matimati n'chimodzimodzi, onse ndi makasitomala. Ndipo ku boma anthu Chizungu amachimva.

Ndakonza iyi: munthu akati matimati adula, ndidzati, "Awa si matimati wamba, bambo. These ones are graduates. Anaphunzila kudimba la ku Msanzala."

Kasitomala woyamba sananene kuti adula. Wachiwili sananene. Wachitatu wanena, koma ine ndangomuchotsela mtengo, pakamwa osatseguka.

Wachisanu ndi chimodzi ndi bambo wa tayi, cholembela m'thumba la malaya. Akuti adula. Ndatseka maso, ndaiponya. Koma mantha andisokoneza dongosolo. Ndayambila pa Chizungu, mokweza, "These ones are graduates," ndipo Chinyanja chonse chathawa.

Bamboyo nkhope yawala. Wayamba Chizungu. Chizungu chenicheni, chachitali, chopanda popumila! Ndamvamo school, ndamvamo young lady, ndamvamo agriculture. Akufunsa funso. Akudikila. Ndati yes. Wafunsa lina. Ndati yes. Wandiyang'ana modabwa, ndiye kuti pamenepo pamafunika no.

Ndamuwonjezela matimati anayi kuti apite.

Lamulo lina: ukatsegula ndi Chizungu, munthu amaganiza kuti mwagwilizana kuti muyankhule Chizungu. Chinyanja chiyambe, kuti adziwe kuti tili kwathu ndipo Chizungu changobwela kudzacheza.

Amai Luwiza a tebulo loyandikana aona zonse. Amagulitsa kapenta ndi nyemba. Anabwela kuchoka ku Mozambiki nthawi ya nkhondo ali mtsikana, sanabwelelenso. Akuti, "Mwanawe, wadwala? Zaka zitatu pano sin'namvepo mau ako, lelo ulalika Chizungu?"

Ndawauza zonse. Lusaka, Tisa, tambala. Pa tambala aseka kwambili, koma imeneyo sinali nthabwala.

Akuti kwawo amachitanso zomwezo, koma ndi Chipwitikizi. Akuti ndimvele iyi. Ayamba bwinobwino m'Chinyanja, za msilikali wina amene anafunsila mkazi pa chigayo. Ndikutsatila. Pofika pamapeto aongola khosi, atulutsa mau a Chipwitikizi amene sindingathe kuwalemba. Kenako aseka. Aseka mpaka kugwila tebulo, kapenta kugwa pansi. Akuti malemu amuna awo ankaikonda imeneyo.

Ndafunsa kuti msilikaliyo anati chiyani. Ayamba kumasulila, aima pakati, akuti, "Ah, m'Chinyanja siikoma."

Tsopano ndadziwa mmene amai anamvela kudimba.

Pobwelela ndagula mphatso ya Malita: fulasiki yobiliwila ya maluwa.

Kunyumba ndapeza Anti akuitana Tisa kuti "my assistant." Mwina akungoseka. Ndi Anti sungadziwe, lamulo lachisanu lija.

Kwatsala masiku awili.

Lachisanu

Tili ku Nyimba, kwa amalume. Tabwela ndi minibasi, ine pampando wakumbuyo, fulasiki pamiyendo, thumba la kabichi la munthu wina pamapazi.

M'minibasi Anti aonetsa mtundu wina umene sindinaudziwe. Wotembenuza. Akuti ku Lusaka anakwela basi ndi bambo wa suti, chikwama cha mapepala, magalasi. Njila yonse Chizungu chokhachokha. Anti akumuyesezela, chibwano m'mwamba: "Conductor, this is unacceptable. Driver, I will report you." Ndiye tayala linaphulika, basi n'kuyamba kuvina pamseu. Apa Anti agwila mutu ndi manja awili, akuwa m'Chinsenga cha kumudzi kwenikweni:

"Mayo ine! Nufuna lini kufwila kuno! Nipelekeni kwa amama ku Nyalugwe!"

Minibasi yonse yaphulika. Kondakita waiwala kutolela. Gogo wina akuti, "Ni mwana wa kwathu uyo!"

Ndiye kuti Chizungu ndi suti, chilankhulo cha kwanu ndi khungu. Munthu akaopa, suti imavuka. Anthu amaseka chifukwa aliyense ali ndi wachibale wotelo. Ndipo Anti sanati kumudzi chabe. Anatchula Nyalugwe. Dzina la malo enieni ndi limene lagwetsa gogo uja.

Ndalemba padzanja: tchula malo.

Kwa amalume kuli pilingupilingu. Azimai akusenda mbatata, ena akukazinga nkhuku, ena akuyesa ng'oma. Malita ali m'nyumba ndi alangizi, saloledwa kutuluka. Mwamuna wake ndi a Mwanza, sindinawaonepo, ndimangomva kuti ali ndi njinga yamoto.

Matiloni, mai amene adzayendetse mwambo, watiuza dongosolo. Akakuitana dzina, umavina kuchoka pampando mpaka kutsogolo, umagwada pamaso pa mkwatibwi, umaonetsa mphatso, umanena nchito yake. Amapatsa maikolofoni.

Maikolofoni!

Koma ndi mwayi wanga womaliza. Pa mphasa Tisa amandipitilila chifukwa ndi wachangu. Apa palibe wondidula. Adzaitana dzina langa, onse adzakhala chete, Anti adzakhala kutsogolo.

Ndakhala kuseli kwa bafa ndi fulasiki, ndapanga iyi:

"Malita, iyi ni fulasiki. Uziikamo tiyi wa amuna ako kuti akachedwa kubwela apeze akali wotentha. Ukawafunsa kuti munali kuti, azakuuza kuti, honey, I was in a meeting. Miting'i yake ya ku Nyampande, yovala chitenge."

Ndaiyeza ndi malamulo onse:
Chinyanja chayamba. Inde.
Chizungu chachifupi, cha mu ofesi. Inde.
Miting'i aliyense amaidziwa, ngakhale amai amapita ku ya feteleza.
Kamchila kalipo.
Malo ndatchula. Nyampande ndasankha chifukwa limakoma pakamwa.
Palibe chodyedwa.

Azimai pa kicheni pate amakonda zonyoza amuna, ndinamvapo. Iyi ndiye yabwino kuposa ya tambala. Ndikuimva m'mimba.

Tisa wagula mapoto awili. Ndamufunsa kuti adzanena chiyani. Akuti, "Nizaona pamene apo." Anthu ena Mulungu anawakondela.

Loweluka

Sindikudziwa poyambila.

Ndiyambile pabwino. Holo yokongola, mabaluni, azimai onse m'zitenge zofanana. Mbali ino ife akuchikazi, mbali iyo abale a a Mwanza. Malita pa mphasa kutsogolo, maso pansi monga mwa mwambo, saseka, sayankhula. A Mwanza abwela pang'ono ndi alongo awo kudzamuvundukula chitenge, apeleka maluwa, apita. Kwatsala azimai okhaokha.

Tisa waitanidwa. Wavina mpaka azimai kuimilila. Wagwada, wakweza mapoto, akuti, "Aka ni ka masiku onse. Ili likulu ni la apongozi akabwela without notice." Holo yonse nthungululu. Apongozi enieniwo akuseka kuposa onse.

Kenako dzina langa.

Kuvina kwanga tisakukambe. Ndayenda mofulumila ng'oma ikulila, basi.

Ndagwada. Matiloni wandiika maikolofoni pakamwa. Ndamva mpweya wanga m'masipika. Maso ndaika pa fulasiki. Ndayamba.

Ndipo ndainena yonse! Osalakwitsa liu limodzi! Ngakhale honey yatuluka. Kungoti mau a m'mphuno akana, zonse zatuluka ndi mau anga a masiku onse, aang'ono, onjenjemela, amene ndimayankhila amai akandifunsa amene waswa mbale. Nkhope gwa. Yovala chitenge. Ndamaliza.

Ndikudikila.

Zii.

Woimba ng'oma manja ali m'mwamba, sakuwatsitsa. Kumbuyo wina akuti, "Hee?" Wina, "Wati ku Nyampande?" Malita, amene saloledwa kukweza maso, wakweza maso.

Ine ndikanadziwa bwanji kuti a Mwanza amapita ku Nyampande Lachitatu lililonse kukagula ndiwo zamasamba zogulitsa? Ndikanadziwa bwanji kuti kabichi amamugula kwa mai wina wamasiye? Ndani anandiuza? Palibe!

Zimene ndamva ndili chogwada:

Mlongo wamkulu wa a Mwanza: "Anene dzina! Ngati waona, anene dzina!"

Mai wina wa mbali yathu: "Uyu mwana sakamba-kamba. Ngati wakamba, waona."

Amai anga: "N'zoona, sanama uyu. Za tambala ananena zoona."

Amai!

Matiloni wandilanda maikolofoni koma waiwala kuti ndi yoyatsa. Akuti, "Iwe, zinthu izi timauza alangizi kumbali, osati pa gulu." Holo yonse yamva.

Ndati ndi nthabwala. Liu latuluka ngati la kamwana ka mphaka. Matiloni wabweleza mokweza, "Akuti ni nthabwala." Mlongo wa a Mwanza akuti, "Nthabwala? Nanga aseka ndani? Iye mwine aseka?"

Sindikuseka, n'zoona. Lamulo lachisanu.

Malita wayamba kulila, penti wa m'maso kutsika. Alangizi amulowetsa m'kachipinda. Wina waimbila a Mwanza foni. Abwela ndi njinga yamoto, tayi ili pambali, aima pakhomo chifukwa mwamuna salowa popanda kuitanidwa. Akulumbila kuti mai wa kabichi ndi wa msinkhu wa amai awo, ali ndi zidzukulu zisanu. Akuti miting'i sanapiteko chibadwile, iwo ndi a malonda. Akufunsa kuti mtsikanayo ndi uti. Andiloza. Akuti, "Uyu? Sin'namuonepo!" Mlongo wawo akuti, "Iye ndiye anakuona."

Patenga ola lathunthu. Amalume aitanidwa. Anti Beti ndi amene athetsa. Atenga maikolofoni, auza anthu kuti mwanayu wakhala akuwatsatila sabata yonse ndi beseni lopanda kanthu, akuphunzila zoseketsa za ku tauni, ndipo iwo anamuona kalekale. Kenako ainena okha nthabwala yanga, liu ndi liu. Dzanja m'chiuno, honey wa m'mphuno, diso limodzi kutsinzinila apongozi. Pa yovala chitenge agwedeza chitenge chawo.

Holo yagwa. Nthabwala yomweyo! Mau omwewo! Ngakhale mlongo wa a Mwanza wabisa pakamwa. Ng'oma yayambanso.

Ine ndatuluka, ndakakhala kuseli kwa holo pa njelwa. Fulasiki ndatuluka nayo osadziwa.

Patapita nthawi Anti andipeza. Andiyang'ana. Ayang'ana fulasiki. Ayamba kunjenjemela mapewa. Kenako aseka, aseka, mpaka akhala pansi pafumbi ndi chitenge chatsopano, wigi yapendama. Dzino lagolide, ndi ena onse akumbuyo.

"Mwana wa akulu anga, unafuna kuthetsa ukwati na fulasiki!"

Ndiye cholinga chakwanilitsidwa. Anti aseka. Sindikumva kukoma kulikonse.

Lamulungu

Tabwelela ku Petauke m'mawa. M'minibasi palibe wondiyankhula, kupatula kondakita.

Tisa akulongedza. Wabweleka chikwama changa, chimene ndinachapa Lolemba.

Anti andiitana kuseli kwa nyumba asananyamuke. Sanakalipe. Akuti nthabwala inali yabwino, yomangidwa bwino, adzaigwilitsa nchito ku Lusaka. Akuti, "Vuto ni iwe. Ine nikaumitsa nkhope, anthu adziwa kuti ni Beti, ayamba kuseka nikalibe kutsiliza. Iwe ukaumitsa nkhope aganiza ni umboni. Pa salaula ukanena kuti diles iyi inavalidwa na mkazi wa minisita, azaitana polisi."

Akutinso za amuna amanena ndi amene anakwatiwapo. Ndipo malo umatchula akutali, kumene kulibe wachibale wa munthu aliyense m'chipindamo. Malamulo awili amenewo sanali pa pepala langa.

Ndafunsa ngati chaka chamawa angadzafune wina. Akuti, "We shall see." Palibe kamchila. Chizungu chokhachokha chopanda Chinyanja pambuyo, ndaphunzila, si nthabwala.

Andisiyila bulauzi ya salaula, yabuluu, yokwana bwino.

Tawapelekeza ku siteshoni. Tisa wandikumbatila, walila pang'ono, akuti adzanditumizila nsapato. Ndi mwana wabwino, ndiye chimene chikupweteka. Basi yanyamuka iye ali pawindo, akuuza kale mai woyandikana naye chinachake, maiyo akuseka.

Ndabwelela kudimba. Lepu sanathililidwe masiku awili.

Ukwati ulipo, sunathe. Koma a Mwanza akuti kabichi azikagula kwina, ndipo mai wamasiye wa ku Nyampande, amene sindimudziwa n'komwe, wataya kasitomala. Amalume atumiza uthenga kuti mailo ine ndi amai tibwelele ku Nyimba, tikapepese kwa makolo a a Mwanza. Fulasiki tikasiyenso, ikadali kuno.

Ndakhala masana onse kulemba mau opepesa. Ndawawelenga katatu kuona kuti mulibe Chizungu ngakhale chimodzi. Ndapita kukawawelengela amai.

Amai sanandilole kumaliza mzele woyamba. Akuti, "Pinda kapepalako. Wokamba ndine. Iwe ukagwade, uyang'ane pansi, ukhale chete mpaka tituluke."

Chabwino. Nchito imeneyo ndiye ndimaidziwa.